Chikasu cha m'khwapa: mmene mungayeretsere malaya oyera osawononga nsalu

Dzuwa la mwezi wa Okutobala likafika, malaya oyera ndiwo amayamba kuulula. Yunifolomu ya mwana wasukulu, shati ya kuntchito, malaya a kwaya ndi a chigwirizano, onsewa amayamba kuoneka achikasu m'khwapa ndi pakolala, ngakhale achapidwe mlungu ndi mlungu. Ambiri akaona zimenezi amathira jiki wambiri, amatikita ndi mphamvu, kenaka n'kusita ndi simbi yotentha. Zotsatira zake, chikasu chimakhazikika, ndipo pakangopita miyezi yochepa nsalu imang'ambika pamalo pomwepo. Malayawa akanatha kupulumuka mwini wake akanadziwa chimene chikupanga chikasucho, chifukwa si litsiro wamba ngati fumbi kapena matope.

Chikasu chimachokera kuti?

Thukuta lochuluka limene timatuluka ndi madzi ndi mchere pang'ono basi, ndipo lilibe mtundu. Koma thukuta la m'khwapa ndi losiyana: limakhala ndi mafuta ndi mapuloteni. Pakhosi napo khungu limatulutsa mafuta ake, kuwonjezera pa mafuta amene timadzola tikasamba. Mafutawa amalowa mu ulusi wa nsalu, ndipo akakhalitsa pa mpweya amasanduka achikasu. N'chifukwa chake malaya amene munawasunga m'sutikesi akuoneka oyera mumakawapeza atathimbirira patapita miyezi: mafuta anali momwemo, ankangodikira nthawi.

Chachiwiri ndi mankhwala opaka m'khwapa, makamaka oletsa thukuta. Amenewa amakhala ndi mchere wa aluminiyamu, umene umatseka timabowo ta thukuta. Aluminiyamuyu akasakanikirana ndi thukuta amakanirira pa nsalu, ndipo sopo wamba samusungunula bwino. Mungamuzindikire pokhudza: ngati m'khwapa mwa malaya muli mokhakhala kapena molimba ngakhale mutachapa, ndiye kuti mwaunjikana zotsalira za mankhwalawa.

Choncho banga limodzi limakhala ndi zinthu zitatu: mafuta, zotsalira za aluminiyamu, ndi mtundu wachikasuwo. Chilichonse chili ndi chochotsera chake. Mafuta amachoka ndi sopo, aluminiyamu amasungunuka ndi zowawasa ngati viniga, ndipo mtundu umachoka ndi mankhwala oyeretsa ofatsa. Chinsinsi ndicho kutsata ndondomeko imeneyi, osati kuthira zonse nthawi imodzi.

Chifukwa chake jiki sathandiza

Jiki ndi wabwino popha tizilombo m'chimbudzi ndi pansi, koma pa thukuta amakhumudwitsa. Kolorini amene ali m'menemo akakumana ndi mapuloteni a m'thukuta amawasandutsa achikasu kwambiri. Kuwonjezera apo, amadya ulusi wa thonje pang'onopang'ono. Pa malaya a poliyesita, kapena osakaniza thonje ndi poliyesita monga mayunifolomu ambiri a masiku ano, jiki wochuluka amatha kusiya chikasu chimene sichidzachokanso. Pa silika, ubweya ndi nsalu zotamuka, jiki asayandikire n'komwe.

Mdani wina ndi kutentha. Madzi owira ndi simbi zimaphika mapuloteni pa nsalu, monga mmene dzira limalimbira m'chiwaya, ndipo zikatero banga limavuta kuchoka. Lamulo lake n'losavuta: musasite malaya amene banga lake likuonekabe.

Titenge shati imodzi

Tiyerekeze kuti muli ndi shati yoyera ya thonje imene yavalidwa ku ofesi kwa chaka. M'khwapa muli chikasu cholimba, kolala yadetsedwa mzere. Mufunika sopo wamadzi wotsukira mbale, viniga woyera, soda wophikira yemwe uja timathira mu therere, mswachi wakale wofewa, ndi haidirojeni perokosaidi, mankhwala otsukira zilonda opezeka ku famase.

Yambani ndi kutembenuza shatiyo, chifukwa banga lili mkati, mbali imene imakhudza khungu. Nyowetsani m'khwapa ndi kolala ndi madzi ofunda, oti dzanja likhoza kukhalamo osapsa. Dontheza sopo wa mbale pang'ono pamalopo, mutikite ndi zala kapena mswachi mofatsa, motsata ulusi wa nsalu. Sopo ameneyu anapangidwira kusungunula mafuta, ndiye amagwira bwino pakolala. Dikirani mphindi 15, kenaka tsukuluzani.

Gawo lachiwiri ndi la viniga. Sakanizani kapu imodzi ya viniga woyera ndi makapu anayi a madzi m'beseni la pulasitiki, muviike m'khwapa mwa shatiyo kwa mphindi 30. Mukaitulutsa mudzamva kuti pamene panali pokhakhala pafewa, chizindikiro chakuti aluminiyamu wasungunuka. Ngati viniga palibe, madzi a mandimu osefa amagwira ntchito yomweyo. Viniga wofiirira musamugwiritse ntchito, chifukwa amasiya mtundu wake. Mukatero tsukuluzani bwinobwino, kawiri, kuti viniga yense achoke musanapite pa gawo lotsatira.

Gawo lachitatu ndilo lochotsa mtundu. Onani pa botolo la perokosaidi. Wofunika ndi wa 3 peresenti. Ngati mwapeza wa 6 peresenti, muthiremo madzi ofanana naye muyeso. M'kambale sakanizani masipuni awiri a soda ndi masipuni awiri a perokosaidi, mpaka zikhale ngati phala. Pakani phalali pa banga lonse ndi mswachi, musiye shatiyo pamthunzi kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Phala lisaume, likayamba kuuma, wazani timadzi. Perokosaidi amatulutsa okosijeni amene amaphwanya mtundu wachikasu, ndipo akatha ntchito amangosanduka madzi. N'chifukwa chake sadya thonje ngati jiki, malinga ngati simunamusiyepo usiku wonse.

Pomaliza chapani shati yonse ndi sopo waufa m'madzi ofunda, mutsukuluze mpaka madzi ayere, muyanike pachingwe padzuwa. Dzuwa nalo limathandiza kuyeretsa thonje, koma shati ikauma muyanule, chifukwa kukhalitsa padzuwa tsiku ndi tsiku kumafooketsa ulusi. Musayanike pansi kapena pa udzu, pomwe ntchentche zobweretsa mphutsi za pakhungu zimakonda kuikira mazira.

Shati ikauma ndi pamene muone zotsatira, panja powala, chifukwa nsalu yonyowa imabisa banga. Ngati chikasu chachepa koma sichinathe, bwerezani gawo lachitatu musanasite. Banga la chaka chathunthu kawirikawiri limafuna kubwereza kawiri kapena katatu. Kubwereza mofatsa kumasunga nsalu kusiyana ndi kuwonjezera mphamvu ya mankhwala.

Zikakanika, fufuzani apa

Nthawi zina mumatsata zonse koma osaona kusintha. Choyamba kayikirani perokosaidiyo. Amatha mphamvu akakhalitsa botolo litatsekulidwa, kapena akakhala powala, ndiye chifukwa chake amagulitsidwa m'mabotolo akuda. Muyeseni podontheza pang'ono pa mbatata yosenda yaiwisi: akachita thovu ali ndi mphamvu, akangokhala ngati madzi watha ntchito.

Chachiwiri, onani kumene chikasucho chili. Chikakhala m'khwapa ndi pakolala pokha, ndi thukuta. Koma ngati shati yonse yafiirira, kapena ili ndi timadontho tofiira ngati dzimbiri, vuto likhoza kukhala madzi. Madzi a m'mijigo ndi zitsime zina amakhala ndi chitsulo chosungunuka, ndipo mumawazindikira chifukwa amasiya mzere wofiira m'ndowa akagona. Pa banga lotere jiki amangowonjezera kufiira, ndipo perokosaidi sathandizanso. Finyirani mandimu pamalopo, muwazepo mchere, muike padzuwa kwa kanthawi, kenaka tsukuluzani. Pochapa zoyera, gwiritsani ntchito madzi amvula, kapena madzi amene agona usiku mwatsanulira m'ndowa ina n'kusiya zansenga pansi.

Sopo naye akhoza kukhala gwero la vuto. M'madzi amene sopo wamtanda sachita thovu msanga, amasiya zotsalira pa nsalu, ndipo simbi ikadutsapo zimasanduka zachikasu. Mankhwala ake ndi kutsukuluza mokwanira, ndi kuthira theka la kapu ya viniga m'madzi otsukuluzira omaliza. Buluu amene agogo athu ankathira m'zovala zoyera sachotsa banga, amangoliphimba kuti maso aone kuyera, choncho ntchito yake ibwere banga litachoka kale.

Pali ndi malire. Ngati nsalu ya m'khwapa yapyapyala moti kuwala kumadutsa, kapena chikasu chinabwera chifukwa cha jiki pa poliyesita kapena kupsa ndi simbi yotentha kwambiri, ulusi weniweniwo ndi umene wawonongeka. Pamenepo palibe chochapira chimene chingaubwezeretse.

Zosasakaniza

Apa tisamale, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Jiki asakumane ndi viniga kapena mandimu. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa kolorini umene umawotcha maso ndi mapapo, makamaka m'bafa lotseka. Perokosaidi nayenso musamusakanize ndi viniga m'chiwiya chimodzi, kapena ndi jiki. Ichi ndicho chifukwa chotsukuluzira bwino pakati pa gawo ndi gawo. Viniga ndi soda zikasakanizidwa si zoopsa, koma thovu limene limatuluka ndi chizindikiro chakuti ziwirizi zathetsana mphamvu. Ngati shati ili ndi baji ya sukulu kapena mizere yamtundu, yesani kaye perokosaidi pamsoko wamkati, ndipo phala lisafike pa bajiyo. Amene khungu lawo limayabwa msanga avale magolovesi.

Kuti chikasu chisabwerere

Banga la tsiku limodzi limachoka ndi madzi ndi sopo basi. Lovuta ndi limene lagona mlungu mumtanga wa zochapa. Mukavula shati madzulo, tsukuluzani m'khwapa ndi kolala m'madzi ozizira ngakhale tsiku lochapa lisanafike. Mankhwala a m'khwapa pakani pang'ono, ndipo mudikire aume musanavale. Vesiti ya thonje mkati imamwa thukuta lisanafike pa shati. Mwana wasukulu akakhala ndi malaya awiri osinthanitsa, onse awiri amakhalitsa kuposa amodzi ovalidwa masiku asanu motsatizana. Ndipo malaya amene mukufuna kusunga nthawi yaitali, monga a ukwati kapena yunifolomu pa tchuthi, achapidwe ngakhale anavalidwa kamodzi kokha, aume bwinobwino, ndipo asungidwe pouma, osati m'jumbo ya pulasitiki yotseka imene imasunga chinyezi.