Ukwati sulinda wokonza tsitsi: tsiku limagwiridwa ndi chikole

Anthu akangokolola, Loweruka lililonse ku Chiradzulu limakhala ndi mwini wake. Ku Njuli, ku Mbulumbuzi mpaka ku Namitambo kumamveka nthungululu, ndipo eni masaluni amadziwa kuti nyengo yopeza ndalama yafika. Koma ndi nyengo yomweyo imene ambiri amaluza, chifukwa cholandira ntchito pakamwa pokha.

Masiku ano masaluni ambiri amatchula mtengo umodzi wa zonse: tsitsi la mkwatibwi, zodzoladzola, zikhadabo ndi kukonza atsikana operekeza. Vuto limayamba pamene chiwerengero sichinalembedwe. Mwagwirizana operekeza asanu ndi mmodzi, koma m'mawa wa ukwati mukupeza azakhali ndi alamu nawonso akhala pamzere.

Tiyerekeze kuti ukwati ukadalitsidwa 9 koloko ku PIM kapena ku Nguludi, ndipo galimoto inyamuka 8 koloko. Mkwatibwi amafuna ola ndi theka, woperekeza aliyense mphindi 40. Zonse pamodzi ndi maola asanu ndi theka. Munthu mmodzi angayenere kuyamba hafu pasiti 2 usiku. Koma antchito akakhala atatu, mmodzi kwa mkwatibwi yekha, awiriwo kugawana operekeza atatuatatu, akhoza kuyamba hafu pasiti 5 n'kumaliza hafu pasiti 7. Mphindi 30 zotsalazo ndi zovalira diresi ndi velo.

Izi zimatheka ngati ntchito yaitali yathekeratu: kuluka Lachinayi, zikhadabo Lachisanu. Kutero kumapulumutsanso pamene magetsi azima Loweruka m'mawa. Mwini saluni asalandire maukwati awiri tsiku limodzi ngati alibe magulu awiri a antchito, ndipo aganyu aziuzidwa tsiku ndi malipiro awo chikole chikangolowa.

Chikolecho chili ndi ntchito ziwiri: kugwira tsiku ndi kugulira katundu. Ngati mtengo wonse ndi K300,000, theka lake liperekedwe pogwirizana, ndipo meshi ndi zodzola zikagulidwe ku Limbe sabata yomweyo. Amene anasunga chikole osagula kanthu pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anagwira ntchito yopanda phindu.

Ndalama yotsala imalizidwe kutatsala sabata. Mawu oti "tikupatsani perekaniperekani akatha" ndi amene amadanitsa anthu, pakuti ndalama ya m'mbale imakhala ikudikiridwanso ndi ophika, oimbitsa nyimbo ndi mwini holo.

Pepala la mgwirizano litchule tsiku, malo, chiwerengero cha anthu, wolipira thiransipoti, ndi zochitika ukwati ukasunthidwa. Maliro akagwa, chikole chisamukire ku tsiku latsopano. Ukwati ukalephereka, katundu wogulidwa aperekedwe kwa mwini ndalama. Ndalama ikadzera pa Airtel Money kapena Mpamba, uthengawo usafufutidwe.

Akomiti ya ukwati, sankhani munthu mmodzi wolankhula ndi saluni, ndipo musapereke ngakhale tambala musanasainirane.