Ngongole ya pa chithunzi: manambala amaulula okha akalakwika

Ofesi yobwereketsa ndalama yakutumizirani ndandanda ya kabwezedwe ka ngongole pa WhatsApp. Chithunzicho ndi chopendekeka, mthunzi wa chala cha wojambula wagwera pakona, ndipo manambala ena achita mbuu. Inu mukufuna kuwakopera m'kope kapena mu Excel, mwezi uliwonse pa mzere wakewake.

Yambani ndi mitu ya pamwamba, imene nthawi zambiri imakhala m'Chingerezi. Instalment ndi ndalama yonse imene mupereke mwezi umenewo. Principal ndi gawo lake limene likudula ngongole yeniyeniyo, Interest ndi chiwongoladzanja, ndipo Balance ndi ngongole imene yatsala.

Tinene kuti munabwereka K300,000 yobweza m'miyezi 6, chiwongoladzanja chake maperesenti 4 pamwezi pa ngongole yotsala. Mwezi uliwonse mukupereka K57,229. Mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K12,000, yodula ngongole ndi K45,229, ndipo yatsala K254,771.

Mzere wachiwiri ndi pomwe pali mthunzi paja. Chiwongoladzanja chikuoneka bwino, K10,191, koma nambala inayo simukudziwa ngati ndi K47,038 kapena K47,088, poti 3 ndi 8 pa chithunzi chosawala amangofanana ngati mapasa. Musalote ayi. Phatikizani ziwirizo: 47,088 ndi 10,191 zikupereka 57,279, yomwe yapitirira ndi K50. Ndiye kuti yolondola ndi 47,038. Kuti mtima ukhale pansi, ichotseni pa 254,771 ya mzere wapamwamba, mupeza 207,733, ndipo nambala imeneyi ndi imene iyenera kukhala pansi pa Balance. Chitani chimodzimodzi mzere uliwonse. Ngati mizere yonse yayamba kukana kuchokera pamalo amodzi, kawirikawiri ndiye kuti diso latsetsereka chifukwa cha kupendekeka kuja, mwatenga nambala ya mwezi wina.

Excel ili ndi Data from Picture, imene imakopera tebulo kuchokera pa chithunzi. Imapeputsa ntchito, koma nayonso imapunthwa pa 3 ndi 8 pomwepo, ndipo ikaona koma ngati kadontho, 12,000 imasanduka 12.000, kutanthauza K12 basi. Ine sindiikhulupirira ndisanawerengetsere ndekha.

Mukafika mwezi wachisanu ndi chimodzi, Balance ikhale 0, ndipo manambala onse a Principal akaphatikizidwa akwane K300,000. Malipiro omaliza akhoza kukhala K57,226, osadabwa: kusiyana kwa K3 kumeneko ndi matambala amene ankazunguliridwa mwezi ndi mwezi.

Onaninso mmene chiwongoladzanja chikuyendera. Pa ngongole yathuyi chikutsika kuchoka pa K12,000 mpaka K2,201, chonse pamodzi K43,371. Chikakhala K12,000 mwezi uliwonse osasuntha, ndiye kuti akuchiwerengera pa K300,000 yoyamba ija ngakhale mukubweza, ndipo mudzalipira K72,000 pa "maperesenti 4" omwewo.