Katundu sanafike, koma ndalama banki inadula kale

Tiyerekeze kuti pa 3 Malichi munagula foni ya madola 180 pa intaneti, n'kulipira ndi khadi ya Visa. Wogulitsa analonjeza kuti pofika pa 31 Malichi mudzakhala mutailandira. Epulo wadutsa, foni kulibe, ndipo mukalemba imelo kuli zii. Ambiri zikatere amangoti “andidyera” n'kuzisiya. Komatu malamulo a Visa ndi Mastercard amalola banki yanu kukaitanitsa ndalamazo ku banki ya wogulitsayo. Njira imeneyi a kubanki amaitcha tchajibaki.

Musathamangire kubanki tsiku lolonjezedwa lisanakwane, akakubwezani. Yambani mwalembera wogulitsa kuti akubwezereni ndalama, ndipo uthengawo muusunge, chifukwa banki idzafuna kuona kuti munayesa kukambirana naye. Kuimba foni kokha sikusiya umboni.

Komanso musagone. Pa katundu amene sanafike, Visa imapereka masiku 120 kuwerengera tsiku lomwe munayenera kumulandira. Kwa inu ndiye kuti malire ndi pa 29 Julayi, ndipo banki nayo imafuna masiku okonzera nkhaniyo, choncho pitani Meyi asanathe.

Kubanki akakupatsani fomu yodandaulira, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Chifukwa chokwiya, munthu amachonga poti “sindikuzidziwa, andibera pakhadi”. Chonsecho munagula nokha, ndipo mwina munalowetsanso nambala yachinsinsi ija banki inakutumizirani pafoni. Wogulitsa akangoonetsa zimenezo, mlandu wagwa. Dandaulo lanu n'lakuti katundu sanafike, lomwe ku Visa lili pa nambala 13.1.

Pafomupo muphatikize sitetimenti yoonetsa tsiku ndi ndalama zimene zinadulidwa, lisiti ya oda yotchula mtundu wa foniyo, uthenga wa tsiku lomwe analonjeza, ndi zonse zimene munalemberana. Ngati anakupatsani nambala yolondolera phukusi, jambulani tsamba loonetsa kuti silinafike, deti izioneka. Umboni umenewu ndiwo wolemera kwambiri, pakuti wogulitsa ali ndi masiku 30 oti ayankhe, ndipo chida chake chachikulu n'chikalata chosonyeza kuti phukusi linaperekedwa pa adiresi yanu. Nkhani yonse imatha kutenga miyezi iwiri kapena itatu. Banki ikakubwezerani ndalama msanga musafulumire kudya, imatha kuzitenganso wogulitsa akapambana.

Ngati banki yanu ikungokuzungulitsani, lembani dandaulo kwa akuluakulu ake, zikakanika mupite nalo ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki.

Zonsezi zimagwira pa ndalama zolipira ndi khadi basi. Wogulitsa akakuuzani kuti “khadi ikuvuta, ingotumizani pa Airtel Money kapena Mpamba”, dziwani kuti kumeneko tchajibaki kulibe.