“Tilembereni ku inibokosi”: akuthandizani kapena akukuthawani?

Linali Lachisanu la kumapeto kwa mwezi pamene mchemwali wanga, yemwe amagulitsa kaunjika ku Limbe, anasamutsa K85,000 kuchoka ku akaunti yake ya kubanki kupita mufoni kuti akalipire belo la zovala. Banki inadula ndalamayo pompo, koma mufoni simunalowe ngakhale tambala. Atatopa ndi kuimba nambala yodandaulira, momwe ankangomuyimbira nyimbo mpaka mayunitsi kutha, anapita pa tsamba la bankiyo pa Facebook n'kulemba mwaukali kuti: “Ndalama zanga zili kuti? Mwadula koma sizinafike. Mukufuna ana anga adye chiyani?”

Patapita mphindi makumi anayi, yankho linabwera: “Pepani kasitomala wathu wokondedwa. Chonde tilembereni ku inibokosi.”

Apa ndiye anapsa mtima zenizeni. Kwa iye, uku kunali kumukokera kuseri kwa nyumba kuti anthu asamve. Ambirife timaganiza choncho, ndipo nthawi zina timakhala tikulondola. Koma pa nkhani ngati iyi bankiyo sinalakwe kumuitanira kumbali. Inalakwa poti inamuitana chimanjamanja.

Tiyambe ndi chifukwa chake. Wogwira ntchito amene amayankha pa tsambalo sangapeze ndalama yosowa ndi dzina la pa Facebook, lomwe mwina ndi “Mayi a Mapasa”. Amafuna dzina lenileni la pa akaunti, nambala ya foni imene ndalamayo imapita, kuchuluka kwake, tsiku ndi nthawi, komanso nambala ya umboni imene imabwera mu uthenga wa banki ndalama ikangochoka. Ndi nambala ya umboniyo amatha kuona ngati ndalama inatulukadi m'banki n'kukakamira panjira, kapena ngati inapita ku nambala yolakwika chifukwa chala chinaphonya. Awa ndi mavuto awiri osiyana. Loyamba limatha pamene banki ndi kampani ya foni ayerekeza mabuku awo n'kubweza kapena kufikitsa ndalamayo. Lachiwiri ndi lovutirapo, chifukwa ndalama ili kale m'manja mwa munthu wina.

Tsono zonsezi mungazilembe pagulu? Mukatero mwauza dziko lonse dzina lanu, nambala yanu, banki yanu, ndiponso kuti pakali pano muli ndi nkhawa ndi K85,000. Kwa tambwali, chimenecho ndi chakudya chophikaphika. Nayo kampani ili ndi udindo wosunga chinsinsi cha makasitomala, ndipo kuyambira mu 2024 dziko la Malawi lili ndi lamulo lapadera loteteza mauthenga okhudza munthu, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira. Banki imene ingakambirane za akaunti yanu pamaso pa anthu ndiye yoyenera kuiopa.

Nanga vuto la yankho lija linali pati? Silinasonyeze kuti wina wawerenga dandaulolo. Mawu omwewo akanayankhidwa kwa munthu wodandaula za mzere wautali kapena za makina omeza khadi. Yankho la munthu wodziwa ntchito likanamveka chonchi: “Pepani Mayi, taona kuti ndalama yadulidwa koma sinafike mufoni. Chonde musalembe nambala zanu pano. Takutumizirani uthenga ku Messenger kuti mutipatse nambala ya umboni ndi nthawi imene munatumiza, ndipo tikuuzani pomwe nkhaniyi ili lero lisanathe. Sitidzakufunsani PIN.” Onani kuti latchula vuto lenileni, lafotokoza chifukwa chopitira kumbali, lanena zofunika kukonzekera, ndipo ladzimangirira pa nthawi. Komanso kampani ndiyo yayamba kugogoda. Kuyambira mu 2015, Facebook imalola tsamba la bizinesi kuyankha mwachinsinsi munthu amene walemba pagulu, choncho palibe chifukwa chouzira munthu wokwiya kale kuti ayambenso kufotokoza kuchokera pachiyambi ngati kuti sanalankhulepo.

Chiganizo chomaliza chija, cha PIN, si chokometsera ayi. Mphindi zimene zimatsatira mawu oti “inibokosi” ndi zoopsa kwambiri pa nkhani yonseyi, ndipo ndinaziona ndi maso anga. Mchemwali wanga asanalembe n'komwe, uthenga unalowa kuchokera ku akaunti yokhala ndi chizindikiro cha banki yomweyo, mitundu yomweyo, dzina losiyana ndi kadontho kamodzi kokha. Ulemu wake unali woposa wa banki yeniyeni. “Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zachitika. Kuti tibweze ndalama yanu msanga, mulandira nambala pafoni panu, mutiwerengere.” Kenaka anapempha kuti apitirize kukambirana pa WhatsApp.

Nambala imene ankafunayo ndi OTP, ija imabwera kamodzi kuti itsimikize kuti mwini akaunti ndi amene akulowa kapena kutumiza ndalama. Kubweza ndalama sikufuna OTP, sikufuna PIN, sikufuna manambala atatu a kumbuyo kwa khadi, ndipo sikufuna kuti mutumize kaye “kandalama kotsegulira”. Ndalama ikamalowa kwa inu, simutsegula chitseko chilichonse. Makiyi amafunika potulutsa basi.

Chinamupulumutsa ndi chinthu chaching'ono. Tinadina pa dzina la wotumizayo n'kupeza kuti tsamba lake linali ndi zithunzi zitatu ndi anthu owerengeka olitsatira. Pa Facebook, gawo lotchedwa Page transparency limasonyeza tsiku limene tsamba linatsegulidwa ndiponso ngati linasinthapo dzina. Lija linali la sabata yomweyo. Banki imene yakhala ikutumikira anthu zaka zambiri singakhale ndi tsamba lobadwa Lolemba. Njira yosavuta kuposa zonse ndi iyi: musayankhe uthenga umene wakupezani ngati mukukayika. Bwererani pa tsamba lomwe munadandaulapo, dinani batani la Message pomwepo, muyambe nokha.

Mukalowa mkati, musatulukemo opanda nambala ya dandaulo lanu ndi tsiku limene alonjeza kuyankha. Jambulani zokambirana zonse. Wa pa Facebook uja nthawi zambiri sagwira ndalama. Amangolemba nkhani yanu n'kuipereka ku nthambi ina, ndipo mawa pangakhale munthu wina pampandopo. Nambala ya dandaulo ndi imene imakulumikizani ndi amene akubwerayo. Mchemwali wanga anapatsidwa yake Lachisanu madzulo, ndalama inabwerera mu akaunti Lachiwiri. Belo lija anali atatenga kale wina.

Pali makampani ena, tisabise, amene inibokosi ndi manda a madandaulo. Pagulu aoneka achangu, kumbali zii. Mudzawadziwa mukawerenga m'munsi mwa mayankho awo: anthu ambirimbiri akulemba kuti “ndinakulemberani sabata yatha, simunayankhe.” Zikakuchitikirani, kupita kumbali sikunakulandeni pakamwa. Bwererani pagulu pomwe paja, mulembe modekha tsiku limene munawalembera ndi kuti lonjezo lawo lapitirira, osaikapo nambala za akaunti. Zikakanikabe, nkhani za mabanki zimapita ku Reserve Bank of Malawi, za mafoni ndi intaneti ku MACRA, ndipo za malonda achinyengo ku bungwe la CFTC. Konseko adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula ku kampaniyo, ndipo zithunzi zija ndi nambala ija ndiwo umboni wanu.

Ndipo kwa inu amene mumayendetsa masamba a makampani, ngakhale kagolosale kapena kampani ya mabasi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Nkhani ikatha kumbali, bwererani pomwe inayambira mulembe mzere umodzi: “Mayi, tikukhulupirira kuti ndalama yanu yafika tsopano.” Pa tsamba la banki ija, funso la mchemwali wanga loti ana ake adye chiyani likadalipo mpaka lero, lopanda yankho.