Kapulogalamu kowerenga tsamba lililonse pa kompyuta yanu

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo ambiri amene ndimakonza ndi a m'mashopu a m'komboni: ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama, kumene munthu amapereka makwacha angapo kuti amusindikizire kalata, amulembetsere TPIN ya ZRA kapena amuonere za NAPSA. Mwezi watha mayi wina wa shopu yotere ku Chawama anandiitana. "Mwana wanga, kompyuta yadwala. Ndikalemba kanthu pa Google imandipititsa kwina, ndipo mabando akutha ngati madzi a m'dengu."

Iwo ankaganiza kuti ndi vairasi. Ine ndinatsegula Chrome n'kulemba izi pamwamba, pamene pamalembedwa adiresi:

```
chrome://extensions
```

Panatuluka maekisitenshoni asanu ndi awiri. Mayiwo ankadziwapo awiri okha.

Ekisitenshoni ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamakhala m'kati mwa burawuza n'kumaiwonjezera ntchito, monga kutsekereza zotsatsa malonda kapena kusandutsa chithunzi kukhala PDF. Polowa kamapempha chilolezo, ndipo ambirife timadina kuvomera osawerenga. Chilolezo chimene ndimasakasaka ine ndi chimodzi. Mukadina `Details` pansi pa dzina la ekisitenshoni, yang'anani mawu akuti `Read and change all your data on all websites`, kapena `On all sites` pa gawo la `Site access`. Pa Firefox mumalemba `about:addons`, ndipo mawu ake ndi `Access your data for all websites`. Tanthauzo ndi limodzi: kapulogalamuko kangathe kuwerenga tsamba lililonse limene mwatsegula, kuona zimene mukulemba m'mabokosi, ngakhale pasiwedi, komanso kusintha zimene tsambalo likukuonetsani.

Anthu amandifunsa kuti, "Nanga si tsamba la banki ndi lotetezedwa, lija loyamba ndi `https`?" Chitetezo chimenecho ndi cha pa njira basi. Chimabisa uthenga pamene ukuyenda pakati pa banki ndi kompyuta yanu. Ekisitenshoni sidikirira pa njira, ili kale m'nyumba, ndipo imawerenga kalatayo itatsegulidwa. Pa kompyuta ya shopu nkhaniyi imakula, chifukwa patsiku pamadutsa manambala a NRC ndi maimelo a anthu ambirimbiri amene sanavomereze chilichonse.

Koma musathamangire kuchotsa iliyonse yokhala ndi chilolezo chimenechi. Yotsekereza zotsatsa malonda singagwire ntchito popanda kuona tsamba lililonse. Yosunga mapasiwedi nayonso chimodzimodzi. Funso langa limakhala lakuti: kodi ntchito imene akuti imagwira ikufunadi masamba onse? Pa kompyuta ya mayi aja, zinayi mwa zisanu ndi ziwirizo zinali ndi chilolezochi. Yoyamba inali yotsekereza zotsatsa, yodziwika bwino, ndipo ndinaisiya. Yachiwiri inali yomasulira zilankhulo, imene amaigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Imeneyi sindinaichotse, ndinangosintha `Site access` kuchoka pa `On all sites` kupita pa `On click`, kuti izidzuka pokhapokha aidina. Yachitatu inali yosandutsa mafailo kukhala PDF. Fayilo ili pa kompyuta, nanga ikufunanji pa Facebook ya kasitomala? Yachinayi inali ya zithunzi zokongoletsa tsamba latsopano, ndipo ndi imene inalanda malo a Google.

Chilolezo chimangokuuzani zimene ekisitenshoni ingathe kuchita. Sichikuuzani zimene ikuchita, ndipo yabwino lero ingasinthe mawa, chifukwa maekisitenshoni amadzikonza okha mwakachetechete. The Great Suspender inali ndi anthu oigwiritsa ntchito oposa 2 miliyoni. Ntchito yake inali yogoneka masamba amene simukuwaona kuti kompyuta isalemedwe, chinthu chokoma kwambiri pa malaputopu akale ngati athuwa. Mu 2020 mwini wake anaigulitsa kwa munthu wosadziwika, m'kati mwake munalowetsedwa zokayikitsa, ndipo mu February 2021 Google inaichotsa m'sitolo yake n'kuizimitsa pa makompyuta a anthu. Dzina linali lomwelo, chithunzi chomwecho. Ambiri anadandaulanso kuti masamba awo ogonekedwa aja anasowa nayo limodzi, mpaka kukawafukula mu `History`.

N'chifukwa chake ine sindiyamba ndi `Remove`. Ndimayamba ndi kuzimitsa, podina kabatani kamene kali pakona pa ekisitenshoniyo, kenako ndimatseka Chrome n'kuitsegulanso. Vuto likatha, ndiye kuti ndagwira yoyenera. Ndimafunsanso mwini wake ngati muli zosungidwa m'menemo, monga mapasiwedi kapena zolemba, chifukwa mukaichotsa zimene inasunga pa kompyutapo zimapita nayo. Zikatero ndimadina `Remove`, n'kupita pa `chrome://settings/search` kukaona ngati Google yabwerera pamalo pake.

Ya PDF ija inachoka bwinobwino. Ya zithunzi inakana: inalibe `Remove`, kabatani kake sikankadinika, ndipo pansi pa menyu ya Chrome panalembedwa `Managed by your organization`. Mayi anaseka. "Bungwe liti? Pano ndine ndekha ndi mdzukulu wanga." Mawu amenewo ndi a makompyuta a m'makampani ndi m'masukulu, kumene oyang'anira amakakamiza ekisitenshoni kuti wogwira ntchito asaichotse. Mapulogalamu achinyengo amabwereka njira yomweyo. Ndinatsegula `chrome://policy` ndipo ndinapeza mzere wa `ExtensionInstallForcelist`, wokhala ndi zilembo 32 zofanana ndendende ndi zimene zinali pa adiresi ya tsamba la `Details` la ekisitenshoni ija. Gwero lake linali pulogalamu yotsitsira mavidiyo imene mdzukulu anaika. Ndinayamba ndachotsa pulogalamuyo mu Windows, kenako ndinafufuta lamulolo mu rejisitire, apa:

```
HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome
```

Mukayamba ndi lamulo n'kusiya pulogalamu, kawirikawiri imalilembanso kompyuta ikayaka. Rejisitire si malo ophunzirirapo, choncho apa itanani wodziwa. Ndipo ngati laputopu ndi ya kuntchito, lamulolo mwina ndi la abwana anu, musaligwire.

Mapasiwedi amasinthidwa pomaliza. Ambiri amalakwa apa: akachita mantha amasintha pasiwedi ekisitenshoni idakalimo, ndiye imawerenga yatsopanoyo pamene akuilemba. Titatsimikiza kuti zonse ziwiri zachoka, mayi anasintha pasiwedi ya imelo choyamba, popeza ndi kumene maakaunti ena onse amatumiza uthenga munthu akaiwala pasiwedi. Kenako Facebook ndi banki. Tinatulutsanso akaunti ya imelo ija pa zipangizo zonse zimene sanazizindikire, pansi pa `Security` mu akaunti ya Google, chifukwa ekisitenshoni yoipa ingabe chizindikiro chosonyeza kuti mwalowa kale, ndipo wakuba amalowa nacho osafunsidwa pasiwedi.

Ndisanachoke ndinadina kachithunzi ka munthu pakona ya Chrome. Panali maprofailo atatu, ndipo iliyonse imakhala ndi maekisitenshoni akeake. Imodzi inali ya kasitomala amene analowa ndi imelo yake n'kuyatsa `Sync`, maekisitenshoni a kunyumba kwake n'kumutsatira kudzafika pa shopu. Tinaifufuta. Ndinauza mayi kuti makasitomala aziwatsegulira `Guest`, mmene maekisitenshoni sagwira ntchito ndipo mukatseka zonse zimafufutika. Anthu a mafoni asade nkhawa ndi Chrome ya pa Android, chifukwa silandira maekisitenshoni. Firefox ya pa Android imalandira, ndiye kumeneko n'koyenera kusuzumirako.

Magetsi anathima ndikulongedza chikwama. Mayi analemba `chrome://extensions` pa kapepala ndi kukamata pambali pa printa, pansi pa mitengo ya fotokope.