Ngongole ya njinga ndi fizi: muwerengereni tsiku, osati mwezi

Wakabaza amapeza ndalama tsiku ndi tsiku, ngongole ya njinga yamoto imabwezedwa pamwezi, pomwe sukulu imafuna ndalama katatu pachaka. Mabanja ambiri amagwa chifukwa cha kusiyana kumeneku. Ndalama imatha pang'onopang'ono m'thumba, tsiku lolipira likafika amathamangira katapila. Mankhwala ake ndi kugawa zonse kuti zikhale za patsiku.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Bambo amayendetsa kabaza, mayi amagulitsa tomato, ndipo mwana ali ku sekondale yogonera komweko. Ngongole ndi K180,000 pamwezi. Zakusukulu, kuphatikizapo makope, sopo ndi thiransipoti, zimakwana K240,000 pa teremu, kutanthauza K720,000 pachaka kapena K60,000 pamwezi.

Powerengera, banjali ligawe ndi masiku 24, osati 30, chifukwa pali Lamulungu, maliro, mvula ndi masiku omwe njinga imakhala kwa makaniko. Choncho ngongole ikufuna K7,500 patsiku, ndipo sukulu K2,500. Pawonjezeredwe K2,000 ya oyilo, matayala, tcheni ndi inshuwalansi. Zonse pamodzi ndi K12,000. Bambo akapeza K20,000 atachotsa ya petulo, ya pakhomo ndi K8,000 yokha, kuphatikiza phindu la tomato. Mpamba wa tomato usakhudzidwe.

Ndalamazi zisagone m'thumba limodzi. Ya ngongole ilowe ku Airtel Money kapena TNM Mpamba madzulo omwewo, ya sukulu isungidwe pa nambala ya mayi. Banki mkhonde imathandiza, koma magulu ambiri amagawana kamodzi pachaka, choncho ndi bwino kufunsiratu mwezi wogawana. Ndalama yotuluka mu Disembala singathandize mwana wotsegulira mu Seputembala.

Mipata ya materemu siyofanana. Kuchokera mu Januwale kufika mu Epulo nthawi ndi yochepa, pomwe kuchokera mu Epulo kufika mu Seputembala ndi yaitali. Ndalama yotsala mu Seputembala si yodyera, ndi yokwaniritsira teremu yachitatu.

Tsiku likavuta, n'kupezeka K10,000 yokha, yoyamba kuchotsedwa ndi ya ngongole. Kawirikawiri njingayo ndiyo chikole, ndipo ikalandidwa fizi nayo yapita. Zoperewera zibwezedwe ndi ndalama ya masiku owonjezera pa 24 aja.

Chizindikiro choti bajeti yapendekeka n'chosavuta kuona: ndalama ya sukulu ikatapidwa miyezi iwiri yotsatizana kuti ilipire ngongole, ndiye kuti K7,500 ikuposa mphamvu ya njinga. Apo banja lipite kwa wobwereketsa tsiku lolipira lisanakwane, likapemphe kutalikitsa nthawi yobweza. Lifunsenso kuti chiwongoladzanja chonse chikwera ndi zingati, ndipo lisasaine lisanaone yankholo papepala.