Nsawawa za Mendel ndi masamu osiyanitsa ngozi ndi chifukwa

Gregor Mendel, wansembe wa mumzinda wa Brno, anakwatitsa nsawawa za njere zosalala ndi za njere zamakwinya. Ana oyamba onse anatuluka osalala. Koma anawo atabereka okhaokha, makwinya aja anabwereranso. Pa zotsatira zimene anafalitsa mu 1866, njere 5,474 zinali zosalala ndipo 1,850 zinali zamakwinya, zonse pamodzi 7,324. Iye anati lamulo lake ndi lakuti pa njere zinayi zilizonse, zitatu zikhale zosalala, imodzi yamakwinya.

Tikagawa 7,324 motsatira lamuloli, tiyembekezera zosalala 5,493 ndi zamakwinya 1,831. Mbali iliyonse yaphonya ndi njere 19. Kodi lamulo lagwa? Ayi, kuphonya pang'ono n'kosapeweka. Ngakhale ndalama yachitsulo ukaiponya maulendo 100, si nthawi zonse pamene mutu umagwa maulendo 50 ndendende. Funso lenileni ndi lakuti kuphonyako kukule bwanji kuti tisiye kunena kuti ndi ngozi chabe.

Yankho lili m'njira imene Karl Pearson anatulukira mu 1900, yotchedwa kayisikweya. Imalembedwa chonchi:

χ² = Σ (O − E)² / E

O ndi chiwerengero chimene mwachipeza, E ndi chimene mumayembekezera. Pa gulu lililonse mumachotsera E pa O, n'kuchulukitsa yankholo ndi lokha, kenako n'kuligawa ndi E. Mukatero mumaphatikiza mayankho a magulu onse. Kugawa ndi E kuli ndi chifukwa chake: kuphonya ndi 19 pa zikwi zisanu n'kochepa, pomwe kuphonya ndi 19 pa njere 40 ndi nkhani yaikulu.

Pa nsawawa zija, 19 kuchulukitsa ndi 19 ndi 361. Tikagawa 361 ndi 5,493 tipeza 0.07, tikagawa ndi 1,831 tipeza 0.20. Zonse pamodzi sizifika n'komwe pa 0.3. Nambalayi timaiyerekeza ndi malire a m'tebulo la kayisikweya, ndipo mzere woyenera timaupeza pochotsa 1 pa chiwerengero cha magulu. Magulu akakhala awiri, malire amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi 3.84. Tanthauzo lake ndi lakuti lamulo likakhala loona, ngozi yokha ingapyoletse malirewo kamodzi kokha pa maulendo 20. Nsawawa za Mendel zili pansi kwambiri, choncho palibe chifukwa chokanira lamulo lake. Ndipotu ziwerengero zake zinkagwirizana ndi lamuloli kwambiri moti mu 1936 Ronald Fisher anazikayikira kuti zakoma mopyola muyeso.

Kwa ine, phindu la njirayi limaoneka bwino pamene ziwerengero zakana. Mu 1905 Lucien Cuénot wa ku France anaona kuti mbewa zachikasu zikakwatirana zokhazokha, ana sankatsatira lamulo la zitatu kwa imodzi. Pa ana atatu alionse, awiri amakhala achikasu, mmodzi wa mtundu wina. Tiyerekeze kuti tawerenga ana 300, achikasu 200 ndi ena 100. Lamulo la Mendel likufuna 225 ndi 75, ndiye taphonya ndi 25 mbali zonse. Tikagawa 625 ndi 225 tipeza 2.78, tikagawa ndi 75 tipeza 8.33, pamodzi 11.11. Apa malire a 3.84 apyoledwa kutali. Masamu amathera pomwepo, sanena chimene chachititsa. Chifukwa chake chinadziwika pofufuza mbewazo: mwana amene walandira jini yachikasu kwa makolo onse awiri amafera m'mimba, ndipo safika powerengedwa.

Tsopano taonani msampha. Tikanawerenga ana 30 okha, achikasu 20 ndi ena 10, tikanayembekezera 22.5 ndi 7.5, ndipo yankho likanakhala 1.11. Mbewa ndi zomwezo, vuto ndi lomwelo, koma masamu akanati palibe cholakwika. N'chifukwa chake yankho laling'ono silitsimikizira kuti lamulo ndi loona. Limangonena kuti umboni wolikanira sunakwane, ndipo ndikaona wophunzira akulemba kuti "zatsimikizika" ndimamubweza akakonze.

Zolakwa zina ziwiri zimachitika kawirikawiri. Ena amalowetsa maperesenti m'malo mwa ziwerengero zenizeni, ndipo akatero ana 30 ndi ana 300 amaoneka ngati umboni wofanana. Ena amayesa magulu ochepa kwambiri, pomwe njirayi siidalirika ngati gulu lina likuyembekezeka kukhala ndi ana osakwana asanu. Zikatero, kwatitsaninso mbewu kapena ziweto zanu, muwerenge ana ambiri musanagamule.